Ndalama ya Njovu Ziwiri

Kale, ndalama ya 20 tambala idakali ndi mphamvu m'golosale, m'mudzi wina kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, munali mtsikana dzina lake Tadala. Anali mu Sitandade 3 ndipo ankakonda masamu kwabasi. Koma kope lake la masamu linali litadzaza. Analemba m'mphepete, analemba pachikuto, mpaka panalibe poika ngakhale ziro.

Lachisanu aphunzitsi anati, "Lolemba tiyamba masamu ogawa. Aliyense abwere ndi kope lolembamo."

Tadala atafika kunyumba anawauza amayi ake. Amayi anamasula mfundo ya pachitenje n'kumuonetsa. Munalibe kanthu.

"Dikira tikumbe kachewere, mwanawe," anatero. "Kwatsala masabata awiri basi."

Loweruka m'mawa amayi anamutuma kuti akabweze lichero kwa agogo ake. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo yochokera kuphiri la Dedza inkaluma m'makutu. Tadala ankayenda atawerama, manja ali m'khwapa, lichero lili pamutu. N'chifukwa chake anaiona. Panjira yopita kuchigayo, patsinde pa mtengo wa mango, panali kanthu konyezimira m'fumbi.

Anatola n'kupukuta ndi diresi. Mbali imodzi panali nkhope ya Kamuzu. Atatembenuza anaona njovu yaikulu ndi kamwana kake. Inali 20 tambala, ija agogo ankaitchula kuti masheleni awiri.

Anayang'ana uku ndi uko. Kunalibe munthu, koma mbuzi ziwiri zokha zikudya makoko a nthochi. Mtima unagunda thi thi thi! Ndalama imeneyi ikanakwana kope, n'kutsalanso ya chitumbuwa. Anaifumbata zolimba n'kuyamba kuyenda mwandawala.

Atafika pachigayo, injini inali ikulira, amayi atandandika madengu pamzere. Kuseri kwa khoma kunali mnyamata atagwada, akufukula fumbi ndi zala. Pambali pake panali kathumba ka chimanga. Tadala anamuzindikira msanga. Anali Mavuto.

Mavuto ameneyu simukumudziwa. Ndi yemwe ankamuseka Tadala m'kalasi tsiku lililonse. Anamupatsa dzina loti Nakope, chifukwa cha kope lake long'ambika, ndipo ana onse anatengera. Tsiku lina anamuponyera pensulo padenga la sukulu, mpaka lero ili pompo.

Koma tsikuli Mavuto sankaseka. Misozi inali itajambula mizere pamasaya ake otuwa ndi gaga.

"Mwana uyu wataya ndalama yogayitsira," mayi wina anauza mnzake. "Azakhali akewo, mmene ndiwadziwira ine, lero kulibe nsima kumeneko."

Tadala anamva ndalama ija ikutentha m'dzanja. Sanaime. Anadutsa ngati sanamve kanthu, mpaka pagolosale ya a Phiri.

"Zikomo, bambo. Ndikufuna kope la masamu."

A Phiri anakwera pampando n'kutsitsa kope pashelefu. Linali latsopano, lamabokosi oyera, lonunkhira bwino. Analiika patebulo n'kutambasula dzanja.

Tadala anayang'ana kope lija. Mumtima ankati, ndalamayi ndatola, sindinabe. Ndipo ndani akudziwa kuti ndi ya Mavuto? Ndalama za njovu zilipo zambirimbiri m'Malawi muno. Ngakhale itakhala yake, pensulo yanga ija anabweza? Alire basi, aone mmene zimawawira.

Kenako anakumbukira kuti kwa Mavuto kuli kamwana, Chisomo, kamene kankamuthamangira akamadutsa. Chisomo sanaponyepo pensulo ya munthu padenga. Koma ufa ukapanda kubwera, nayenso agona ndi njala.

"Mwanawe, dzanja langa latopa," anatero a Phiri. "Ukugula kapena ukungoona?"

Zala za Tadala zinakana kufumbatuka. Analifuna kope limenelo. Analifunitsitsa mpaka kukhosi kunamuwawa. Anaganiza za Lolemba, anzake onse akulemba, iye yekha manja ali pamiyendo.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ndibweranso tsiku lina."

A Phiri anapukusa mutu n'kubweza kope pashelefu.

Ulendo wobwerera kuchigayo unali waufupi, koma Tadala anaima kawiri panjira. Kachiwiriko anatsala pang'ono kutembenuka. Anamupeza Mavuto atakhala pakathumba kake, mutu uli pamaondo.

"Iwe Mavuto, wataya ndalama zingati?"

"Zikukukhudza chiyani?" anayankha osadzutsa mutu.

"Tangonena."

"20 tambala. Ya njovu." Anapisa dzanja m'thumba la kabudula, chala n'kutulukira pansi pachibowo. "Ndinapuma pamango paja, ndiye ndabwerera kukafuna, palibe."

Tadala anafumbatula dzanja. Ndalama inali itadinda chizindikiro chozungulira pachikhatho.

Mavuto anaiyang'ana, n'kumuyang'ananso Tadala. "Unaitenga kuti?"

"Pamango pompo. Ndinakafika nayo mpaka kwa a Phiri."

"Ndiye bwanji sunagule kanthu?"

"Tenga msanga, ndisanasinthe maganizo."

Mavuto anaitsomphola, anasenza kathumba kake n'kuthamangira pamzere. Zikomo sananene. Tadala anaimirira pompo kwa kanthawi, mkwiyo utamudzaza. Kenako anatola lichero n'kumapita, ndipo analira njira yonse.

Agogo anamupeza ali maso gwee pakhonde. Anamvetsera nkhani yonse osamudula pakamwa. Atatha, analowa m'nyumba n'kutulutsa thumba lakale la simenti. Anachotsa pepala lakunja ndi lam'kati, n'kutsala ndi lapakati loyera bwino. Analidula ndi mpeni, analipinda, n'kulisoka pakati ndi singano ndi ulusi wakuda.

"Mabokosi ujambule wekha, mdzukulu wanga," anatero. "Ine maso anatha."

Tadala anakhala Lamulungu lonse masana akujambula mizere ndi kabango ndi kapensulo kobwereka. Mizere ina inakhota. Kope lake linali lofiirira ndi lokhakhala, ndipo ukalipukusa linkatulutsa kafumbi.

Lolemba atangolitulutsa m'kalasi, mnyamata wina anakuwa, "Taonani Nakope wabwera ndi simenti! Akufuna kumanga nyumba!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Tadala anaweramitsa mutu. Makutu anamutentha.

"Tasiyani!"

Aliyense anatembenuka. Anali Mavuto, ataimirira. Nayenso ankaoneka wodabwa kuti walankhula. Anakhala pansi msanga, aphunzitsi n'kulowa, phokoso n'kutha.

Analemba pabolodi: 20 ÷ 4. Tadala anatsegula kope lake la simenti n'kulemba 5 anzake asanamalize kukopera funso. Aphunzitsi podutsa analinyamula, analitembenuza uku ndi uku, n'kuchonga ndi cholembera chofiira monga ankachongera makope ena onse.

Nthawi ya buleki Tadala anakhala yekha kuseri kwa kalasi. Anamva mapazi. Mavuto anaima patsogolo pake, akukanda mwendo ndi chala cha phazi linalo. M'manja anali ndi pensulo yake yatsopano, ataidula pakati ndi lezala. Mbali zonse ziwiri zinali zosongola.

"Sankha," anatero, maso ali kumbali.

Tadala anaziyerekeza bwinobwino n'kusankha yotalikirapo.

"Koma iwe!" anadandaula Mavuto. Kenako anakhala pansi, chapatali pang'ono, n'kutsegula kope lake. "Nanga samu yachitatu ija unapeza bwanji? Ine ikungonditsalira 2."

"Bweretsa kuno ndione," anatero Tadala. "Ndipo dzina langa ndine Tadala."