Kalata yotumiza Shukurani Phiri ku Chipatala cha Boma cha Salima

Chipatala chaching'ono cha Lifuwu, Salima
Loweruka, 16 Malichi 2024, nthawi ya 10:40 m'mawa

Kwa a Dokotala a ku wadi ya ana,

Ndikutumiza kwa inu Shukurani Phiri, mwana wamwamuna wa zaka 3, wolemera makilogalamu 13. Wabwera ndi mayi ake. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi akutentha thupi, ndipo mankhwala amene tamupatsa kuno sakuphula kanthu.

Kutentha kudayamba Lachisanu pa 8 Malichi. Adafika kuno Lolemba pa 11 thupi lili pa madigiri 39.2, mRDT idaonetsa malungo, zizindikiro zoopsa panalibe. Tidamupatsa LA, piritsi limodzi kawiri pa tsiku kwa masiku 3 malinga ndi sikelo yake, komanso panado wamadzi mamililita 7.5 maola 6 aliwonse. Piritsi loyamba adamwera pamaso panga, ndidamusunga mphindi 30, sadasanze. Mayi abweretsa kapaketi kopanda kanthu, ndipo afotokoza bwino nthawi zimene ankamumwetsa, ndi phala lansinjiro. Sindikukayika kuti LA adamwa yense.

Lachinayi pa 14 adabweranso ali pa 39.4, akutsokomola, akupuma ka 46 pa mphindi koma nthiti sizinkalowa m'kati. Ndidaganizira chibayo, ndidayamba amokisilini wosungunula wa mamiligalamu 250, mapiritsi 2 kawiri pa tsiku. Wamwa maulendo anayi. Panado amatsitsa kutentha kwa maola awiri kapena atatu basi, kenaka kumabwereranso, makamaka madzulo.

Lero wafooka kwambiri. Thupi lili pa 39.8, mtima ukugunda ka 148, akupuma ka 48, okosijeni ili pa 94 peresenti. Akangogona, amadzuka mukamuitana koma sachedwa kutsekanso maso, ndipo sangathe kukhala tsonga popanda womugwira. Phala akukana, madzi akumwa pang'onopang'ono. Wasanza kawiri usiku. Zikhatho ndi m'zikope mwayera, magazi ali pa magalamu 7.2, shuga pa 3.9. Mimba yafufuma pang'ono ndipo amalira mukadina, kapamba akumveka zala ziwiri pansi pa nthiti. Chimbudzi sadachite masiku atatu. Sadakomoke, khosi siloumika, m'makutu mulibe mafinya, pakhosi pali bwino, zidzolo palibe, mapazi sadatupe. Tepi ya pamkono ikuonetsa masentimita 13.2. Mkodzo ndauona ndekha m'kabotolo: ndi wachikasu kwambiri koma si wakuda.

Mayi adayezetsa HIV mu Januwale, alibe. Kunyumba kulibe wotsokomola nthawi yaitali. Banjali likumwa madzi a pachitsime chosaphimba chiyambire mvula, ndipo mlongo wake wa mwanayu adadwala m'mimba sabata ziwiri zapitazo. Katemera wina yense adalandira, koma wa taifodi wa mu 2023 sakuoneka m'bukhu lake. Mayi akuti nthawiyo adali kumudzi kwa bambo a mwana. Nditawafunsa mofatsa avomeranso kuti Lachisanu agogo adamumwetsa mankhwala azitsamba theka la kapu. Dzina la mtengo sakulidziwa.

Asanayambe ulendo tamubaya atesuneti mamiligalamu 40 pantchafu yakumanzere nthawi ya 10:15, ndi sefitiriyakizoni galamu imodzi yogawa pawiri, pantchafu yakumanja ndi pathako, nthawi ya 10:20. Atesuneti wachiwiri akhale 10:15 usiku uno. Panado womaliza adamwa 9:30. Tamupatsa madzi a shuga mamililita 50 ndi sipuni ndipo wawasunga. Dilipi sindidayike poti akumwa, komanso ndi magazi ochepawa ndidaopa kumuchulutsira madzi.

mRDT sindidabwereze. Imatha kuonetsabe malungo kwa sabata zingapo tizilombo titafa kale, choncho ikadangotisocheretsa. Chonde muyeze magazi pa maikulosikopu akangofika, kuti tidziwe ngati tizilombo tikadalipo ndi kuchuluka kwake. Pakapezeka kuti palibe, musamubweze ndi LA wina. Ine maganizo anga ali pa taifodi kapena tizilombo tina tolowa m'magazi, chifukwa cha mimbayo, madzi akumwawo, ndi kutentha kosamva mankhwala a mitundu iwiri. Ndikupemphanso kuti mubwereze kuyeza kuchuluka kwa magazi ndi gulu lake, poti angafunike kuwonjezeredwa akatsikabe, muyeze mkodzo, ndipo mumujambule pachifuwa. Shuga muyezenso pofika, sadadye chakudya chenicheni kuyambira dzulo masana.

Mayi ndawafotokozera chifukwa chake tikuwatumiza ndipo avomera kugonekedwa. Ali ndi khanda la miyezi 5 loyamwa kumbuyo, muwaganizire pa malo ogona. Bukhu la mwana ndi amokisilini wotsala zili m'manja mwawo. Potuluka mutilembere m'bukhumo zimene mwapeza, kuti alangizi a zaumoyo akayendere banjali ndi chitsimecho.

Ine wanu pa ntchito,
E. Mwale
Namwino ndi mzamba, Lifuwu