Chisomo, nali yankho la funso lako la dzuwa lofiira lija

Mphwanga, unandifunsa chifukwa chake dzuwa limafiira likamalowa. Dzuwa silisintha mtundu madzulo ayi, likuwala chimodzimodzi tsiku lonse, ndipo nthawi yomwe iwe ukuliona lofiira likulowa kuseri kwa phiri, munthu wa ku Brazil akuliona loyera lili pamwamba. Ndiye vuto silili pa dzuwa, nkhani yonse ili pa mpweya umene kuwalako kumadutsamo kusanafike m'maso mwako.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera koma mkati mwake muli mitundu yonse ija umaiona pa utawaleza, kuyambira wofiira, olenji, wachikasu, wobiriwira, buluu mpaka vayoleti. Kuwala kumayenda ngati mafunde ndipo mtundu uliwonse uli ndi kutalika kwake kwa funde. Wofiira funde lake ndi lalitali, pafupifupi mananomita 700, pomwe buluu ndi lalifupi, cha m'ma 450. Nanomita ndi kanthu kochepetsetsa, mu milimita imodzi yokha ya pa rula yako muli mananomita 1 miliyoni.

Tsopano mpweya watizungulirawu wadzaza ndi timamolekyu ta naitirojeni ndi okosijeni, ndiye kuwala kukamadutsa timamolekyu timeneti timamwaza kwina n'kukutayira mbali zonse. Koma sitimwaza mofanana, apa ndi pomwe pagona nkhani. Mafunde aafupi amamwazika kwambiri, aatali amangodutsa osavutika kwenikweni. Wasayansi wa ku England dzina lake Lord Rayleigh ndi amene anawerengera zimenezi mu 1871 ndipo anapeza kuti kumwazikaku kumatsatira 1/λ⁴, λ kukhala kutalika kwa funde. Tenga kakyuleta ugawe 700 ndi 450 kenako yankholo ulichulukitse lokha kanayi, upeza pafupifupi 6, kutanthauza kuti buluu amamwazika pafupifupi ka 6 kuposa wofiira. N'chifukwa chake masana kumwamba kumakhala buluu, ukuona kuwala komwazika kuja kukubwera kuchokera mbali zonse.

Nanga madzulo chimasintha n'chani? Mtunda basi. Mpweya wa dziko ndi wopyapyala, uli ngati khungu la lalanje, ukalibaya ndi singano molunjika umaboola msanga koma ukabaya chopendeketsa singano imayenda kaye m'khungu momwemo. Masana dzuwa lili paliwombo kuwala kumaboola molunjika, buluu wotayika ndi wochepa ndiye dzuwa limaonekabe loyera kapena lachikasu pang'ono. Likafika m'munsi penipeni kuwala kumabwera cham'mbali ndipo kumadutsa mpweya wochuluka pafupifupi ka 38 kuposa masana, ndiye tangoganiza, pa ulendo wonsewo buluu watha kumwazika, wobiriwira nayenso wambiri wapita, chofika kwa iwe ndi olenji ndi wofiira. Mitambo imene ili chakumadzuloko imawalitsidwa ndi kuwala kotsalako n'chifukwa nayo imapsa.

M'mawa ndi chimodzimodzinso, ukadzapita ku Salima kapena ku Nkhotakota udzadzuke m'bandakucha uone likutuluka panyanja. Mwezi nawonso ukamatuluka kumene umafiira pa chifukwa chomwechi.

Udzaonenso mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi ija anthu amatentha tchire posaka mbewa komanso fumbi lili paliponse, dzuwa limafiira psuu ndipo limafooka lisanafike n'komwe pansi, chifukwa utsi ndi fumbi zimachotsanso kuwala kwina. Phiri la Krakatoa ku Indonesia litaphulika mu 1883 fumbi lake linafalikira m'mwamba moti kwa miyezi yambiri anthu mpaka ku Ulaya ndi ku America ankaona kumadzulo kutafiira modabwitsa. Koma usalakwitse pa mayeso n'kulemba kuti fumbi ndiye gwero, ambiri amagwa pamenepa, fumbi limangowonjezera, ngakhale mpweya utayera bwanji dzuwa lolowa limaonekabe losintha mtundu.

Usangondikhulupirira ine, yesa wekha usiku uno. Thira madzi m'botolo loonekera mkati kapena tambula yagalasi, udonthezemo mkaka pang'ono kwambiri, madontho ochepa chabe, ukachulutsa zonse zingoyera mbee osaona kanthu. Zimitsa getsi, yatsa tochi ya foni uunikire mbali imodzi. Ukayang'ana cham'mbali madziwo aoneka abuluu pang'ono, koma ukayang'ana tochiyo kupyolera m'madzimo iwoneka yachikasu kapena olenji, ndipo ukaligoneka botololo kuti kuwala kudutse m'litali mwake mtundu uja umakhwima. Mkaka wake upemphe kaye kwa amayi usandiyambitsire milandu.

Chinanso, ngakhale likhale lofiira chonchi usamaliyang'anitsitse nthawi yaitali, makamaka ndi mabainokyula, limaononga maso ndithu.