Sizasi ya ku Joni

Magetsi anazima Agogo aNaphiri atangomaliza kutsuka mbale za chakudya cha madzulo. Ndirande yense inakuwa kamodzi, ngati pa sitediyamu chigoli chikalowa, kenako kunangotsala phokoso la mvula padenga la malata. Agogo anapapasa pamwamba pa kabati, n'kuyatsa kandulo, n'kudonthezera phula pa chivundikiro cha botolo kuti aimikepo.

"Amuna anga, yalani mkeka. Ntchito ija yakwana nthawi yake."

Chisomo anali ndi zaka 9, ali Sitandade 4, ndipo dzina loti "amuna anga" linkamuchititsa manyazi anzake akakhala pafupi. Koma usiku umenewu m'nyumba munali awiri okha. Amayi ake anali ku Namiwawa kwa abwana awo, kusenda mbatatesi ndi kunyika nkhuku m'zokometsera, ndipo anali atanena kuti abwera m'mawa ndi minibasi yoyamba.

Anayala mkeka n'kukhuthulirapo zonse zomwe anatolera sabata imeneyo. Panali kalendala ya chaka chomwe chinkatha, nyuzipepala zomwe anapempha kwa bambo wogulitsa tchipisi pamsika, thumba la simenti lomwe agogo analikung'untha n'kulisita, ndi makope akale. Zokongoletsa za m'mashopu a amwenye ku Limbe anaziona Lachisanu, zonyezimira bwino, koma agogo atamva mtengo anangoti, "Imeneyo ndi nkhuku yathunthu," n'kumukoka dzanja.

Pambaula panali kasefuliya ka phala la kondoole. Agogo analiphika lamadzimadzi, osathira mchere kapena shuga, mpaka linayamba kuoneka ngati mamina. Chisomo anaviikamo chala n'kulawa.

"Iwe! Ukuti ukamate matumbo?"

Kenaka anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa sizasi yakuda, yolemera, yomwe chogwirira chake chimodzi anachikulunga kansalu. M'nyumba monse munalibenso chinthu china chochokera ku Chilobwe kupatula sizasi imeneyi. Mu Malichi, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchoka m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi zonse zinali m'katimo: mashini osokera, mabedi, ndi katoni ya zokongoletsa za Khirisimasi zomwe agogo ankasunga chaka ndi chaka. Sizasi inapulumuka chifukwa telala wina wa ku Zingwangwa anaibwereka mu Januwale n'kumangozengereza kubweza. Agogo anamutumizira mawu okalipa katatu konse. Atakumana naye kumsasa wa pasukulu, komwe ankagona m'kalasi pamodzi ndi mabanja ena ambirimbiri, bamboyo anagwada n'kupereka sizasiyo ndi manja awiri, osanena kanthu.

"Tiyamba ndi unyolo, poti ngwosavuta. Ndidula ine, iwe uzimata."

Anadula kalendala m'timizere, mulifupi mwake ngati zala ziwiri. Chisomo ankapinda kamzere kamodzi kukhala mphete, kupaka phala kunsonga, kufinya ndi zala mpaka awerenge khumi, kenaka kulowetsamo kena. Mwezi wa Juni unali ndi chithunzi cha nyanja, ndiye mphete zake zinatuluka zobiriwira ngati kumwamba. Ogasiti anali minda ya tiyi ya ku Thyolo. Unyolo unakula, n'kutsika pamiyendo pake, n'kuyamba kuzungulira mwendo wa tebulo.

"Agogo, sizasiyi akuti inakwera ndege?"

"Inakwera, ine sindinakwerepo. Agogo ako aamuna anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni mu 1973. Ukudziwa pa Wenela paja pamaima mabasi? Dzina limenelija ndi la kampani yomwe inkalemba anthu opita ku migodi. Amuna ankapimidwa, n'kutumizidwa, akazi kumatsala tikuwerenga miyezi. Anzawo ankabwera ndi wailesi, njinga, majekete. Anga anabwera ndi sizasi ndi bulangete limodzi, akuti mkazi wodziwa kudula nsalu sagona ndi njala. Ndinalira ndi mkwiyo tsiku limenelo."

"Sanapitenso?"

"Ankafuna. Koma mu 1974 ndege yonyamula anthu athu inagwa ku Francistown, anafa ambiri, ndiye Kamuzu analetsa. Mata bwino apo, yamatuka."

Ngumbi zinayamba kulowa pansi pa chitseko kutsata kuwala. Chisomo anasiya unyolo n'kumazigwira, kuziponya m'kapu ya madzi, mpaka agogo anamuopseza kuti akapanda kukhala pansi, mawa mpunga adya yekha mphaka wa eni nyumba.

Nyenyezi ndiye zinavuta. Agogo anadula thumba la simenti m'zidutswa za ngodya zinayi, n'kupinda chimodzi pakati, kupindanso, kupindanso kachitatu mpaka chinasongoka ngati mkondo. Anadula mopingasa kamodzi kokha, n'kutema timano tiwiri m'mphepete. Atatambasula, panali nyenyezi ya nsonga zinayi yokhala ndi timazenera. Chisomo anapempha kuyesa. Zala zake zonse ziwiri zinalowa m'bowo limodzi la sizasi, lilime lili panja. Anadula mbali yolakwika, ndipo atatambasula, pepala linagwa zidutswa zinayi.

"Mbali yopindayo ndiye msana," anatero agogo. "Ukadula msana wonse, palibe chogwira chinzake. Uzisiyako pang'ono."

Yachiwiri inatuluka ngati nkhanu. Yachitatu inali nyenyezi ndithu, ngakhale inali yopendama, ndipo pansonga imodzi pankaonekabe zilembo za kampani ya simenti. Agogo anaiyang'ana moitalikitsa, monga amachitira poyang'ana ndalama ya pepala yokayikitsa, n'kunena kuti imeneyo ndiye ipachikidwe pamwamba pa chitseko.

Kunja kunaphulika makombola awiri, agalu n'kuyamba kuuwa. Kutali, kutchalitchi, kwaya inkayeserera nyimbo za mawa, ikumangobwereza mzere umodzi womwewo. Mvula inakula. Agogo anasiya kudula n'kutchera khutu kudenga, ndipo Chisomo anaona kuti sizasi yaima m'malere. Chiyambire Malichi, mvula ikalimba usiku agogo sankagona. Ankakhala pakhomo atavala nsapato.

"Kuno ndi kutali ndi mtsinje, Agogo. Amayi anatero."

"Ndani wanena za mtsinje? Ndikumvetsera kwaya. Bweretsa makope aja tidule anthu."

Anthu ndiwo Chisomo ankawadikira. Chaka chilichonse agogo ankapinda pepala lalitali mobwerezabwereza ngati makwinya a siketi ya yunifolomu, kujambula munthu mmodzi pamwamba, manja ake atafika m'mphepete zonse ziwiri, n'kudula. Akatambasula pankatuluka mzere wa anthu ogwirana manja, ndipo aliyense wa pabanjapo ankalembedwa dzina pachifuwa.

Agogo anatenga kope loyamba n'kuliyandikiza ku kandulo. "Masamu, 3 pa 10. Ili ndiye tilidule msanga amayi ako asanalione."

Anatenga lachiwiri. Linali lopyapyala, lachikuto chopindika m'makona. Chisomo analitsomphola m'manja mwawo, chinthu chomwe sanachitepo.

"Limeneli ayi."

Agogo sanakalipe. Anatambasula dzanja, ndipo patapita kanthawi mnyamatayo analipereka. Pachikuto panali dzina lolembedwa ndi aphunzitsi: Tadala, Sitandade 1. M'kati munali mizere ya a, e, i, o, u, zilembo zina zitayang'ana kumbuyo, ndi chithunzi cha nkhuku ya miyendo inayi. Masamba olembedwa anali asanu ndi limodzi okha. Ena onse anali oyera.

"Unalitenga kuti?"

"Linali m'chikwama changa. Anaika yekha molakwitsa Lachisanu lija. Ndiye ine pothawa ndinanyamula chikwama."

"Miyezi yonseyi?"

"Ndimaopa kuti amayi akaliona ayambiranso kulira."

Agogo anatsegula tsamba ndi tsamba, pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Pa nkhuku paja anaseka kamodzi, kuseka kotulukira m'mphuno, kenaka anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje ngati akupukuta thukuta.

"Nanga walibweretseranji pamkeka pano?"

Chisomo anakanda phala louma pachala. "Ndimafuna ndifunse kuti chaka chino tidula anthu angati."

Chaka chatha anali asanu: agogo, amayi, amalume a ku Bangwe, Chisomo ndi Tadala, yemwe analimbikira kuti wake amujambulire nsapato zofiira.

Agogo anatsegula pakati penipeni pa kopelo, pomwe pali timawaya. Anatiwongola ndi nsonga ya sizasi, n'kuchotsa mapepala awiri oyera, n'kutipindanso timawayato bwinobwino. Masamba olembedwa sanawakhudze. Analumikiza mapepalawo ndi phala, kuwauzira mpweya kuti aume, n'kuyamba kupinda, Chisomo akuwerenga chamumtima. Anapinda mpaka zigawo zinakwana zisanu.

"Jambula ndiwe. Manja afike kumapeto, wamva? Ndipo udula wekha."

"Ndikalakwitsa?"

"Mapepala oyera akadalimo."

Anajambula mutu, diresi, miyendo. Sizasi inali yolimba podula zigawo zisanu pamodzi, ndipo pakhosi pa munthuyo agogo anachita kumugwira dzanja kuti akhote bwino. Tizidutswa tinagwera pamkeka. Anatambasula mosamala kwambiri, akuopa kupuma, ndipo anthu asanu anatuluka atagwirana manja, onse mitu yaikulu mbali imodzi.

"Onse avala madiresi," anatero agogo. "Amalume ako akaona mawa, udzayankha wekha mlandu umenewu."

Chisomo analemba maina ndi bolopeni. Atafika pa wachisanu anafunsa ngati m'nyumbamo muli chofiira chilichonse. Anafunafuna mu kalendala yotsala mpaka anapeza manambala a masiku a Lamulungu, omwe anali osindikizidwa ndi inki yofiira. Agogo anadula tiwiri ting'onoting'ono, iye n'kutimata kumapazi.

Unyolo anaupachika kuchoka pamsomali wa pazenera kukafika pa wa pachitseko, Chisomo ataima pampando, agogo atamugwira miyendo. Nyenyezi anazimangirira ndi ulusi wakuda kumitengo ya denga. Anthu asanu aja anawamata pakhoma moyang'anana ndi khomo, pomwe munthu wolowa angayambe kuona.

"Kope ndibisenso?"

"Liike patebulo. Amayi ako ndilankhula nawo ine akamamwa tiyi."

Mnyamatayo anagona pamkeka pomwepo, zala zili gwaa ndi phala. Agogo anamufunditsa chitenje, n'kusesera tizidutswa pakona, poti usiku zinyalala sataya kunja. Anathira madzi m'kasefuliya kuti kanyowe, anasuzumira nkhuku yomwe inali m'dengu kukhitchini, n'kupukuta sizasi ndi kansalu ka mafuta. Mvula inali isanaleke. Anakokera mpando pafupi ndi chitseko, anavala nsapato zawo, n'kukhala pansi pa nyenyezi yopendama ija kudikira minibasi yoyamba.