Kufotokoza Bajeti (Kolembedwanso): Kafukufuku wa Ukhondo wa Madzi m'Zitsime 60

Potsatira ndemanga za owunika, ndalama iliyonse tsopano yaikidwa pansi pa ntchito imene ikulipirira. Mzere wa "zina ndi zina" (madola 1,000) tauchotsa, pamodzi ndi laputopu, popeza palibe ntchito imene ingaime zikasowa.

Ntchito 1: Kufunsa mafunso m'makomo 300, mwezi woyamba mpaka wachitatu (madola 3,795)

Ofunsa anayi, aliyense makomo asanu patsiku, adzamaliza m'masiku 15. Kuphatikiza masiku atatu a maphunziro, ndi masiku 18 pa madola 25 munthu aliyense: 1,800. Matabuleti anayi olemberamo mayankho pa madola 180 ndi 720. Mayankho adzalowa mwachindunji, motero sitinaike malipiro a wokopera mapepala mu kompyuta. Galimoto yahayala ndi mafuta ake, masiku 15 pa madola 85: 1,275.

Ntchito 2: Kutunga ndi kuyeza madzi, kawiri m'dzinja ndi kawiri m'chilimwe (madola 8,386)

Apa ndi pamene pakuthera ndalama zambiri, ndipo chimene chikulamula ndi nthawi. Madzi oyezamo mabakiteriya a m'chimbudzi ayenera kufika ku labotale ali ozizira pasanathe maola asanu ndi limodzi. Akachedwa, chiwerengero cha mabakiteriya chimasintha. N'chifukwa chake tikutunga zitsime zisanu ndi chimodzi zokha patsiku, masiku 10 ulendo uliwonse, 40 onse pamodzi. Galimoto pa madola 85 ndi 3,400. Kufupikitsa masikuwa kungatsitse bajeti, koma zotsatira zake sitingazikhulupirire.

Masampulo ndi 304, osati 240. Pa 240 a m'zitsime tawonjezera 24 obwereza, ndi 40 a madzi opanda tizilombo, botolo limodzi tsiku lililonse, otiuza ngati dothi lalowera m'mabotolo kapena m'manja mwa wotunga. Sefa ya mamaikiromita 0.45, chakudya chomeretsera mabakiteriya, botolo ndi magolovesi zikukwana madola 9 pa sampulo: 2,736.

Katswiri wa labotale, yemwenso ndi wotunga, adzagwira masiku 48 pa madola 30: 1,440. Masiku asanu ndi atatu oonjezerawo ndi okonzera zipangizo ndi kuwerenga timbale tomeretseramo mabakiteriya ta tsiku lomaliza la ulendo. Mabokosi awiri ozizirira ndi 160. Batire ndi inveta ndi 650, chifukwa timbale timayenera kukhala pa madigiri 44 usiku wonse. Magetsi akazima, masampulo a tsikulo atayika, ndipo galimoto ilipiridwa kawiri.

Ntchito 3: Kubweza zotsatira kwa eni zitsime, mwezi wa 12 (madola 750)

Misonkhano itatu pa madola 250: malo, mayendedwe a makomiti a zitsime ndi kusindikiza zotsatira za chitsime chilichonse.

Mtsogoleri wa kafukufuku (madola 2,880)

Magawo 15 pa 100 a nthawi yake kwa miyezi 12, pa malipiro a madola 1,600 pamwezi. Adzaphunzitsa ofunsa (Ntchito 1), kuwunika mabuku a labotale ulendo uliwonse ukatha (Ntchito 2), ndi kusanthula zotsatira (Ntchito 3).

Zonse za ntchito: 15,811. Zoyendetsera bungwe, magawo 10 pa 100: 1,581. Ndalama zopemphedwa: madola 17,392.