Madzi omasuka, asidi ndi kasungidwe ka chakudya: bwanji uchi suwola koma usipa wouma umachita chuku

Pepala la kosi ya Kasungidwe ka Chakudya, chaka chachitatu, semesita yoyamba
Wolemba: Tiyamike Gondwe

Funso lomwe tinapatsidwa ndi loti tifotokoze momwe madzi ndi asidi zimalamulira kuwola kwa chakudya, ndiye popeza aphunzitsi anati tilembe mmene tingamufotokozere munthu wakwathu wopanga jamu kapena woyanika nsomba, ine ndalemba mmene ndimayankhuliramu basi. Ndiyambira pa chinthu chimene chinkandizunguza mutu chaka chatha. Uchi uli ndi madzi pafupifupi 17 kapena 18 pa 100 aliwonse koma umakhala zaka osawola, pomwe mtedza ukangokhala ndi madzi 12 pa 100 wayamba kale kuchita chuku mthumba. Madzi ambiri ali mu uchi, koma wowonongeka ndi mtedza. Ndiye kuti kuchuluka kwa madzi pakokha sikutiuza zonse.

Madzi omasuka

Chimene tizilombo timafuna ndi madzi oti tingathe kumwa, osati madzi ongopezeka mchakudyamo. Madzi ena amakhala atagwidwa ndi shuga, mchere kapena mapuloteni moti bakiteriya sangawatenge. Muyeso wa kumasuka kwa madziwo timaulemba aw, ndipo amene anauonetsa bwino kuti ndiwo umalamulira kukula kwa tizilombo ndi W. J. Scott wa ku Australia m'zaka za m'ma 1950.

```
aw = p / p0
ERH = aw x 100
```

p ndi mphamvu ya nthunzi yochoka mchakudya, p0 ndi ya madzi enieni pa kutentha komweko, ndipo ERH ndi chinyezi cha mumpweya, pa 100, chomwe chimafanana ndi cha chakudyacho. Madzi enieni ali pa 1, ndiye chakudya chilichonse chili pakati pa 0 ndi 1. Nsomba yaiwisi, nyama, mkaka ndi masamba zili cha pa 0.99, nchifukwa chake chambo cha mmawa chikafika madzulo chayamba kale fungo. Mabakiteriya ambiri amasiya kukula aw ikatsika pa 0.91. Botulinamu, bakiteriya uja wa poyizoni wofooketsa minofu, amaima pa 0.94. Wamakani ndi Sitafilokokasi amene timayenda naye mmphuno ndi pakhungu, iyeyu amakulabe mpaka 0.86 pakakhala mpweya. Yisiti wambiri amathera pa 0.88, chuku chambiri pa 0.80, ndiye pali timagulu tina tokonda pouma kapena pa shuga wambiri tomwe timafika mpaka cha pa 0.61. Pansi pa 0.60 palibe chimene chimakula. Uchi uli cha pomwepo pa 0.6, yankho la funso langa lija ndi limenelo, shuga wagwira madzi onse. Mtedza theka lake ndi mafuta ndipo mafuta sagwira madzi, ndiye timadzi tochepa tomwe tilimo timakhala tomasuka, nchifukwa chake mtedza umafunika kuuma mpaka 7 kapena 8 pa 100 pomwe chimanga 13 ndi yokwanira.

Mzere wachiwiri wa fomula ija anthu amaudumpha koma kwa ine ndi umene uli ndi nkhani. Chakudya chimasinthana madzi ndi mpweya mpaka zifanane. Agogo anga ku Nkhotakota amayanika usipa pa thandala mu Okutobala, umauma gwaa mpaka kuthyoka ukaupinda, koma usipa womwewo ukaikidwa mthumba la saka pakona ya nyumba mpaka Januwale, mpweya uli ndi chinyezi chopitirira 80 pa 100, umayamba kufewa wokha osaugwetsera dontho la madzi, kenako timadontho toyera kumimbaku. aw yakwera kuchoka pomwe inali kupita ku 0.8 ndipo chuku chapeza pokhala. Ndi mfutso chimodzimodzi, nchifukwa chake akale ankaukulunga mmasamba nkuupachika pamwamba pa moto kukhitchini pomwe mpweya ndi wouma. Pa mtedza ndi chimanga ndiye zoopsa, chifukwa chuku cha mtundu wa Asipejilasi chimakula cha pa 0.8 kupita mmwamba nkumapanga afulatokisini, poyizoni wowononga chiwindi amene satha ngakhale ukazinge kapena uphike.

Mchere ndi shuga zimatsitsa aw popanda kuyanika, koma mphamvu zake ndi zosiyana kwambiri, ndipo masamu ake ndi osavuta tikatenga lamulo la Raoult:

```
aw = n(madzi) / (n(madzi) + n(zosungunuka))
```

n ndi chiwerengero cha mamolo, muyeso wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu, ndipo kilogalamu imodzi ya madzi ndi mamolo 55.5. Tikathiramo magalamu 100 a shuga, amenewo ndi mamolo 0.29 okha, aw imatuluka 0.995, ngati sitinachite kanthu. Magalamu 100 a mchere ndi mamolo 1.71 koma mchere umagawika pawiri mmadzi ndiye timawerenga 3.42, aw imatuluka 0.94. Kulemera kofanana koma mchere wafika kale pomwe botulinamu amaima. Nchifukwa chake jamu amadya shuga wambiri chonchija, 65 pa 100 kapena kuposa, kuti afike cha pa 0.8, ndipo mayi wopanga jamu wa mango akachepetsa shuga poti wadula pamsika asadabwe botolo litachita thovu pakatha sabata ziwiri. Mchere nawo uli ndi polekezera, madzi akakhuta mchere mpaka wina kumatsala pansi aw imaima pa 0.75, siipitirira apo.

Asidi

pH, muyeso wa asidi, anaiyambitsa Sørensen mu 1909 ku labu ya Carlsberg ku Denmark, inde ya mowa ija. Chofunika kukumbukira nchoti sikelo yake imadumpha kakhumi, pH 4 ili ndi asidi kakhumi kuposa pH 5, ndiye kusiyana kwa 4.3 ndi 4.8 kumaoneka kochepa papepala pokha. Mkaka uli cha pa 6.7, nyama cha pa 5.6, mandimu cha pa 2 kupitirira pang'ono. Nambala imene munthu wa kosi ino ayenera kuilota kutulo ndi 4.6. Pansi pa 4.6 njere za botulinamu, zomwe bakiteriyayu amapanga kuti apirire zinthu zikavuta, sizimera. Pamwamba pake zimamera ngati mulibe mpweya ndipo mbotolo lotseka bwino mpweya mulibedi.

Njere zimenezi sizifa ndi madzi obwadamuka wamba. Chakudya cha asidi wochepa monga nyemba, nyama, nsomba ndi chimanga chachiwisi chikamaikidwa mchitini chimafunika madigiri 121, pomwe mphindi 0.21 zimapha 90 pa 100 ya njerezo, ndipo makampani amabwereza zimenezi ka 12, kutanthauza mphindi 2.52 zomwe amangoti mphindi zitatu pakatikati pa chitinicho. Kutentha kumeneku sikufikika ndi poto wapambaula, pamafunika poto wa pulesha. Komanso kuno ku Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amabwadamuka asanafike nkomwe pa 100, cha pa 96 kapena 97. Nicolas Appert amene anasindikiza njira yosunga chakudya mmabotolo mu 1810 sankadziwa za tizilombo, zinadzamveka ndi Pasteur patapita zaka makumi asanu, ndiye ife amene tikudziwa tilibe chowiringula.

Chakudya chowawasa ndiye chosavuta, kuwiritsa wamba kumakwana popeza otsala ndi yisiti, chuku ndi mabakiteriya osalimba pa moto. Makolo athu asidiyu ankamupanga okha osadziwa dzina lake. Mu chambiko mabakiteriya abwino amadya shuga wa mumkaka nkupanga asidi wa lakitiki, pH ikafika cha pa 4.6 puloteni ya mkaka imaundana, kuundana kuja ndi chizindikiro choti malire afikidwa. Thobwa likamasasa ndi zomwezo. Koma chidulo kapena soda wa mu therere amachita zosiyana, amakweza pH, ndiye therere la dzulo musamalikhulupirire kwambiri.

Pali kanthu kena kamene kamagwetsa anthu pa mayeso. Asidi wofooka monga wa viniga, benizowiki ndi sobiki amagwira ntchito akakhala wosagawika, chifukwa ndi pamene amatha kulowa mkati mwa selo, akalowa amagawikira momwemo nkusasitsa selo mkati mpaka mphamvu zake zonse zimathera kupopa asidiyo kunja. pKa ya benizowiki, kutanthauza pH imene theka la asidiyo limakhala losagawika, ndi 4.2, pa 5.2 patsala pafupifupi 9 pa 100 basi. Ndiye kuthira benzoweti, wochokera ku asidi wa benizowikiyu, mu juwisi wa malambe kapena bwemba ndi zanzeru, kuthira mu supu ya nyemba ndi kutaya ndalama.

Kuphatikiza zotchinga

Lothar Leistner wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1970, anafalitsa ganizo loti mmalo modalira njira imodzi yamphamvu kwambiri tiziika zotchinga zingapo zing'onozing'ono zoti kachilombo kakalumpha chimodzi kakagwe pa chinzake. Nsomba yowamba ndi chitsanzo, pali moto, pali kuuma, pali utsi, ena amathira ndi mchere womwe. Jamu ali ndi shuga, asidi wa chipatso, kuwiritsa ndi botolo lotseka. Chimodzi chikafooka chinzake chiyenera kulimba, ukachepetsa shuga uwonjezere mandimu kapena usunge mufiriji.

Koma kuuma ndi asidi zimangoimitsa tizilombo, nthawi zambiri sizipha. Salimonela amakhala miyezi mu chiponde ali phee, ndipo pouma mpamene amalimba kwambiri pa moto, ukangosakaniza chipondecho mphala la mwana nkulisiya lofunda maola angapo wadzuka. Ndiponso kutsitsa aw kwambiri kuli ndi mavuto ake, mafuta amachita fungo msanga pouma kwambiri pansi pa 0.2, pomwe kuderako kwa mtundu monga mu mkaka wa ufa kumathamanga cha pa 0.6 mpaka 0.7.

Pa tomato wa mmabotolo

Ndimalize ndi funso la azakhali anga, amene amafuna kusunga tomato mmabotolo nthawi imene amatayika ku Jenda ndi ku Lizulu kuti adzagulitse akadula. Tomato ali pamalire penipeni, ambiri ali pakati pa 4.0 ndi 4.6 koma wakupsa kwambiri kapena wovunda mbali amatha kudutsa, ndipo akathiramo anyezi ndi tsabola wobiriwira pH imakweranso. aw yake ili pa 0.99, ndiye kumbali ya madzi kulibe chotchinga chilichonse, zonse zatsamira pa asidi ndi moto. Ndinawauza kuti asankhe tomato wolimba wopanda bala, anyezi asaikemo, mu botolo la lita imodzi athire masupuni akuluakulu awiri a madzi a mandimu ogula m'botolo popeza mandimu a pamtengo asidi wake amasiyanasiyana, awiritse mabotolowo atamira mmadzi, ndipo botolo lililonse lomwe chivindikiro chatukumuka alitaye osalawa nkomwe. Anadandaula kuti mandimuwo asintha kukoma, ndinati adzathire kashuga pang'ono pophika ndiwo. Holide ikubwerayi ndipempha timapepala toyezera pH kulabu kuti tikayeze limodzi asanatseke mabotolo.