Tsamba 187 la mtanthauziramawu, kuchokera pa mtanda kufika pa mtima

[Mawu a wolemba: ndakopera pa chithunzi cha tsambali. Mawu otsogolera, amene m'bukumo ndi akuda kwambiri, ndawalemba ngati mawu ena onse. Katchulidwe kali pakati pa mizere yopendekeka: kamzere kamalekanitsa maphatikizo, madontho awiri akusonyeza phatikizo lotalika. Bukuli limaika chizindikiro cha kukweza liwu pokhapokha pamene mawu awiri alembedwa mofanana. Chidule dz. ndi dzina, zamb. ndi zambiri. Zonse za m'mikutiramawu ngati iyi ndi zanga.]

MTANDA 187 MTIMA

[Danga lakumanzere. Likuyamba ndi zotsala za mtanda, kuchokera pa tsamba 186.]

...wopingasa pamwamba pa nsanamira za nyumba. 3. Nsima yoomoledwa kamodzi ndi chipande: Wadya mitanda itatu yekha.

mtedza /m-te:-dza/ dz., gulu la Mu-Mi. 1. Mbewu yobereka pansi pa nthaka, yolimidwa kwambiri ku Mchinji, Lilongwe ndi Kasungu: Chaka chino tadzala mtedza wa Chalimbana. 2. Njere za mbewuyi, zodyedwa zokazinga, zophika kapena zosinja. Onaninso nsinjiro, chiponde.

mtembo /m-te:-mbo/ dz., Mu-Mi, zamb. mitembo. Thupi la munthu wakufa: Mtembo ufika mawa kuchokera ku Joni. Pa maliro anthu amakonda kunena kuti thupi, mwaulemu.

mtendere /m-te-nde:-re/ dz., Mu-Mi. 1. Kukhala popanda nkhondo kapena mkangano. 2. Bata la mumtima. Kusavutika maganizo: Ngongoleyi ikundisowetsa mtendere. 3. Mpumulo wa womwalira: Mzimu wawo uuse mumtendere.

mtengo 1 /m-té:-ngo/ dz., Mu-Mi, zamb. mitengo. 1. Chomera chachikulu chokhala ndi mizu, thunthu, nthambi ndi masamba, monga mbawa, mlombwa kapena mlambe. 2. Thabwa, mzati kapena ndodo yochokera ku chomerachi: mpando wa mtengo. 3. Mankhwala achikuda a mizu kapena makungwa: Agogo amadziwa mitengo. Mwambi: Kuongola mtengo mpoyamba.

mtengo 2 /m-te:-ngo/ dz., Mu-Mi, zamb. mitengo. 1. Ndalama zimene chinthu chikugulitsidwira: Mtengo wa feteleza wakweranso. 2. Kufunika kwa chinthu: mphatso ya mtengo wapatali.

[M'bukumo manambala a mtengo 1 ndi mtengo 2 ndi ang'onoang'ono, okwezedwa m'mwamba. Kachizindikiro ka pa é kazilala pachithunzi, koma kalipo ndithu, ndipo nkomwe kakusiyanitsa mtengo wa m'tchire, wokweza liwu pa te, ndi mtengo wa pamsika.]

[Danga lakumanja]

mthenga /m-the:-nga/ dz., gulu la Mu-A, zamb. amithenga. 1. Munthu wotumidwa kukapereka uthenga: Amfumu atuma mthenga kukaitana mbali zonse ziwiri. 2. Wantchito wa mu ofesi woyendetsa makalata, mesenjala. 3. M'chipembedzo, mngelo kapena mneneri.

mthiko /m-thi:-ko/ dz., Mu-Mi, zamb. mithiko. Kamtengo kosemedwa kovundulira nsima kapena phala: Mthiko wathyoka nsima isanapse. Siyanitsani ndi chipande, choomolera.

mthunzi /m-thu:-nzi/ dz., Mu-Mi, zamb. mithunzi. 1. Malo ozizira obisika ku dzuwa: Tiyeni tikhale pamthunzi wa mango. 2. Chithunzithunzi chakuda cha munthu kapena chinthu chimene chatchinga kuwala. 3. Mophiphiritsa, munthu amene ena amadalira: Malume anali mthunzi wa [mawu amodzi afufutika ndi inki, aoneka ngati "banja"] lonse. Siyanitsani ndi nthunzi, ya madzi owira.

mtima /m-ti:-ma/ dz., Mu-Mi, zamb. mitima. 1. Chiwalo cha m'chifuwa chopopa magazi: Mtima ukugunda kwambiri. 2. Malo a maganizo, chikondi ndi zofuna za munthu: Ndakhululuka ndi mtima wonse. 3. Khalidwe: Mayi aja ndi a mtima wabwino. 5. [Bukuli lalumpha 4, ndasiya momwe zilili.] Pakati penipeni pa chinthu: mtima wa mtengo. Zining'a: kupsa mtima, kukwiya; kutaya mtima, kuleka kuyembekezera; kulimba mtima, kusachita mantha; kuuma mtima, kusowa chifundo; kukhazika mtima pansi, kudekha; mtima kukhala m'malo, kumasuka nkhawa itatha; kukhala ndi mitima iwiri, kulephera kusankha pakati pa

[Tsamba lathera pamenepa. Chiganizochi chikupitirira pa tsamba 188.]