Pempho la thandizo la maphunziro a udokotala

Kwa a Komiti yosankha ophunzira olandira thandizo,

Dzina langa ndine Tadala Kamwendo, mtsikana wa zaka 19. Ndimakhala ndi makolo anga ku Choma, kunja pang'ono kwa mzinda wa Mzuzu. Ndinakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 9, ndipo dzina langa latuluka pa mndandanda wa NCHE kuti ndikaphunzire udokotala ku KUHeS, ku Blantyre. Malo ndawapeza. Chimene ndilibe ndi ndalama zokhalira pamalopo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndabwera pamaso panu.

Bambo ndi mayi anga kwawo n'ku Dowa. Anabwera kumpoto kuno ine ndisanabadwe, kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya m'boma la Mzimba. Atatopa ndi moyo wodyera ngongole kwa bwana chaka chonse, anapempha malo kwa amfumu ku Choma, ndipo ndi pamene tili mpaka lero. Tili ndi maekala awiri a chimanga chophatikiza ndi nyemba, kadimba ka tomato ndi mpiru m'mbali mwa mtsinje, ndi ng'ombe imodzi ya mkaka imene mayi anailandira kudzera m'gulu la alimi. Nthochi zinalipo, ndipo ndizo zinkatigulira sopo ndi makope, koma zinatha ndi matenda a chisaka. Ana tilipo anayi, ine ndine woyamba.

Chaka chabwino timakolola matumba a chimanga ngati 25. Khumi ndi asanu ndi akudya, otsalawo ndiwo fizi, feteleza ndi chipatala. Tsono chaka chabwinocho chikusowa. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, thumba limodzi la feteleza silinachedwe kudutsa K100,000, pamene mavenda amagula chimanga chathu motchipa nthawi yokolola, podziwa kuti mlimi wa ana a sukulu sangadikire mitengo ya mu Januwale. Ntchemberezandonda nazo zimafuna gawo lake. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, ayi. Ndikufuna muone masamu a pakhomo pathu mmene alili, chifukwa ndi masamu omwewa amene anandifikitsa ku maganizo a udokotala.

Mlimi amadwala nthawi imene sangakwanitse kudwala. Malungo amakula m'miyezi ya mvula, ndipo kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya kuposa madera ambiri. Miyezi yomweyo ndiyo yopalira ndi kubandira, yomweyonso ndiyo nkhokwe imakhala itapepuka, anthu ali pa ganyu. Mwana akatentha thupi mu Febuluwale, mayi ake amawerengera zinthu zitatu: ndalama ya kabaza, tsiku lotayika kumunda, ndi ganyu yemwe akanabweretsa ufa wa madzulo. Ambiri amagula panado pa hokala n'kunena kuti tione mawa. Kuchipatala akafika mochedwa amafunsidwa kuti, “Munali kuti nthawi yonseyi?” Funsoli ndi loyenera, koma wofunsa nthawi zambiri sadikira yankho lake.

Kwathu zinatichitikira ndili Fomu 2. Mng'ono wanga Chisomo, ali ndi zaka zinayi, anatentha thupi bambo ali ku ganyu kutali, mayi ali okha ndi munda ndi ng'ombe. Pomafika naye kuchipatala n'kuti zikhatho zake zitayera, akupuma mobanika. Anati malungo am'thera magazi. Mayi anabwerera kukakama ng'ombe ndi kuona ana ena, ine n'kutsala monga wodikirira wodwala. Dokotala amene anamuona anali mayi wachitsikana. Anandifotokozera, ine mwana wa Fomu 2, kuti tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, n'chifukwa chake mwana amayera ndipo mtima umathamanga pofuna kufikitsa mpweya m'thupi monse. Mayi atabwera sanawakalipire. Anawafunsa za mtunda wochokera kwathu, za neti, ndi za amene amatsala ndi ana iwo akapita kudimba, kenaka anawauza zizindikiro zimene akaziona asadikire kuti kuche. Chisomo anaikidwa magazi ndipo anachira; pano ali ku pulayimale. Mayi mpaka lero zizindikiro zija amazitchula pamtima, ndipo anaphunzitsako amayi anzawo a ku banki m'khonde.

Kuchokera pamenepo Bayoloje ndinayamba kuiwerenga ndi njala. Sukulu yanga inali ya sekondale yoyendera, yopanda labotale yeniyeni. Zida zoyesera zinkakhala m'kabati imodzi mu ofesi ya aphunzitsi. Tinapangana anzanga asanu kumakumana Loweruka masana, ntchito za kumunda zikatha, kumasinthana mabuku ndi mapepala a mayeso akale. Kemisitile ndi Fizikisi zinandivuta poyamba, moti ndinkapita ku laibulale m'tauni pa njinga ya bambo kukawerenga mabuku amene kusukulu kunalibe. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkamweta udzu wa ng'ombe ndi kukapereka mkaka. Pa MSCE ndinapeza 1 mu Bayoloje, Kemisitile ndi Masamu, ndi 2 mu Fizikisi, Chingerezi ndi Zaulimi.

Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, mliri umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo sunasiye maboma a m'mbali mwa nyanja ngati Nkhata Bay, ndinadzipereka kumayenda ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu pogawa kolorini ndi kuphunzitsa kasungunulidwe ka thanzi. Ntchito yanga inali yaing'ono, kunyamula chigubu ndi kulemba mayina a mabanja, koma ndinaona kuti anthu amamva msanga uthenga ukabwera m'chiyankhulo cha pamtondo pawo. Ine kunyumba timayankhula Chichewa, kusukulu ndi kumsika ndakulira Chitumbuka, ndipo Chitonga ndimachimva. Agogo a ku Rumphi kapena ku Euthini sadzafuna womasulira pondiuza pamene pakupweteka. Nditakwanitsa msinkhu ndinayambanso kupereka magazi, podziwa kuti magazi ambiri amachokera kwa ana a sukulu ndipo amachepa sukulu zikatsekera.

Pali matenda amene mlimi amawatenga kumunda kwenikweniko, ndipo ndiwo ndikufuna kuwadziwa mozama. Bambo anga amasimba za chizungulire ndi nseru zimene zinkawagwira akathyola fodya wonyowa ndi mame. Iwo ankati ndi njala. Nditawerenga ndinapeza kuti ndi chikonga cha m'masamba chimene chimalowa kudzera pakhungu. M'madimba a kwathu anthu amapopera mankhwala a mbozi opanda chotchinga kukamwa, kusakaniza ndi manja, n'kusunga otsala m'botolo la zakumwa pafupi ndi ana. Chimanga ndi mtedza zosauma bwino zimachita chuku, vuto lodziwika kuno kumene timakolola kukadali chinyezi, ndipo poizoni wa chukucho amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Kumudzi chimanga chotere sachitaya: chabwino chimapita kumsika, chowola n'chimene chimapita kuchigayo. Dokotala wongouza banja kuti “musadye chimanga chachuku” wanena zoona, koma sanathandize, chifukwa banjalo lilibe china. Wodziwa nkhokwe angakambe nawo za kuyanika, kusankha ndi kasungidwe, zinthu zimene angathedi kuchita. Ndiye palinso kuthamanga kwa magazi ndi shuga, zimene kumudzi zimadziwika munthu atagwa kale, chifukwa palibe amene amasiya khasu kukayezetsa asakumva kupweteka.

Ndikamaliza maphunziro ndi nthawi yoyeserera ntchito, ndikufuna kudzagwira ntchito kumpoto kuno. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000, n'chokhacho cha boma cha msinkhu umenewo m'chigawo chonse: odwala ovutikitsitsa a ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma onse amayang'ana komweko. Koma mtima wanga uli pa chipatala cha boma laling'ono, kumene wodwala amayamba kufika, chifukwa wa ku Nthalire kapena ku Usisya akathandizidwa bwino pafupi ndi kwawo, ulendo wautali wa ambulasi sufunika. Ndikulakalaka kudzaphunzira mwapadera udokotala wa mabanja kapena wa ana. Ndikudziwa kuti lonjezo lobwerera kumudzi mwalimva kwa ofunsira ambiri, ndipo ena salisunga. Ine ndili wokonzeka kusaina pangano lodzagwira ntchito m'chipatala cha boma kapena cha mishoni kumpoto kuno kwa zaka zofanana ndi zimene mudzandithandize.

Kufika Fomu 4 makolo anga anandikoka ndi mkaka, tomato ndi ngongole za ku banki m'khonde. Fizi ya mayeso inachokera pa thole limene anagulitsa lisanakule. Udokotala ndi katundu wa mtundu wina. Ndi chaka chimodzi cha maphunziro okonzekera ndi zaka zisanu za MBBS, pa mtunda wopitirira makilomita 600 kuchokera kwathu, kumene sindingatume uthenga kuti anditumizire ufa mawa. Kupatula fizi pali malo ogona, chakudya, basi yopita ndi kubwera, laputopu, mabuku, malaya oyera ndi zida zopimira odwala. Bambo anena kale kuti agulitsa ng'ombe. Ndawapempha kuti asatero, chifukwa ng'ombeyo ndiyo ikuphunzitsa mlongo wanga amene ali Fomu 3, ndipo ikapita iyo ndiye kuti sukulu yanga yagulidwa ndi sukulu ya azibale anga atatu.

Ndafunsiranso ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo yankho ndikulidikira. Ikatuluka ndidzakudziwitsani mwamsanga kuti muchepetse gawo lanu, wina apezepo mwayi. Podikira kutsegulira ndikuphunzitsa ana a Sitandade 8 masana ndipo ndabzala anyezi m'dimba la mayi. Ndalama zake zikwanira basi ya ulendo woyamba ndi zofunda.

Chimene ndikupempha ndi fizi, malo ogona ndi chakudya kwa nthawi yonse ya maphunziro, ndi laputopu chaka choyamba. Kumbali yanga ndidzakutumizirani zotsatira za mayeso chaka chilichonse, pamodzi ndi ndondomeko ya mmene ndagwiritsira ntchito ndalama. Pa tchuthi ndidzapitiriza kuthandiza ophunzira a sayansi pa sukulu imene ndinaphunzira, makamaka atsikana, poti pa atsikana amene tinayamba limodzi Fomu 1 ambiri sanafike Fomu 4.

Pamodzi ndi pempholi ndaikapo satifiketi ya MSCE, kalata yondiitana ku KUHeS, kalata ya umboni ya aphunzitsi aakulu, ya amfumu, ndi ya mlangizi wa zaumoyo amene ndinagwira naye ntchito. Mukafuna kundifunsa maso ndi maso ndidzabwera tsiku limene munganene, ndipo ngati mungakonde kudzaona pakhomo pathu, makolo anga akuti khomo ndi lotsegula.

Zikomo kwambiri chifukwa choliwerenga pempho langa.

Ine wanu,
Tadala Kamwendo
Choma, Mzuzu